Magawo Atatu a Kapewedwe ka Matenda: Phunziro la Malungo ndi Shuga

Takumananso m'pologalamu yathu ya zaumoyo, ndipo lero tikukulankhulani kuchokera mumzinda wa Lilongwe.

Tonse tinamvapo mawu akuti kupewa kumaposa kuchiza. Ambiri a ife tikamva mawuwa timaganiza kuti kupewa ndi ntchito ya munthu amene sanadwale, ndipo kuti matenda akangolowa m'thupi ndiye kuti nthawi yopewa yatha. A zaumoyo saona choncho. Iwo amati kupewa kuli ndi magawo atatu, ndipo munthu aliyense, wamoyo wabwino kapena wodwala, ali ndi gawo lake. Kagawidwe kameneka kanafala chifukwa cha aphunzitsi awiri a zaumoyo a ku America, Hugh Leavell ndi Gurney Clark, m'zaka za m'ma 1950, ndipo kakuphunzitsidwabe kwa anamwino ndi madokotala mpaka lero.

Kuti timvane bwino, taganizani za nyumba yofolera ndi udzu. Mwini nyumba wanzeru amafolera denga mu Okutobala mvula isanagwe. Limenelo ndi gawo loyamba: kuletsa matenda kuti asalowe n'komwe. Mvula ikayamba, amayang'ana m'denga kufuna podontha, ndipo akapapeza amatsekapo padakali pang'ono. Limenelo ndi gawo lachiwiri: kupeza matenda msanga ndi kuwachiza asanawononge. Koma madzi akalowa kale n'kufewetsa khoma, iye sathawa nyumbayo. Amachirikiza khomalo ndi mitengo, namatanso powonongeka, kuti banja lipitirize kugonamo. Limenelo ndi gawo lachitatu: kuchepetsa kuwonongeka, kupewa chilema ndi imfa, ndi kubwezera munthu ku ntchito zake.

Choncho chimene chimasiyanitsa magawowa ndi nthawi. Funso lake ndi limodzi: kodi munthuyu waima pati, matenda asanafike, atangofika kumene, kapena atawononga kale? Tisasokoneze magawowa ndi kukula kwa zipatala. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi amagwira magawo onse atatu m'mawa umodzi, chimodzimodzinso dokotala wa pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Tiyeni tsopano tiyerekeze mpanda umodzi wa ku Area 10, kumene nyumba zake n'zotalikirana ndipo mabwalo ake ndi aakulu. M'nyumba yaikulu mumakhala bambo wa zaka 52 amene amagwira ntchito ya muofesi ku Capital Hill. Kuseri kwake kuli nyumba yaing'ono ya mnyamata wosamala maluwa, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu. Anthuwa ndi ongoyerekeza, koma nkhani yawo imachitika m'mipanda yambiri. Mwanayo akuwopsezedwa ndi malungo. Bamboyo akuwopsezedwa ndi shuga. Tiyambe ndi mwana.

Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, umene umaluma kwambiri usiku. Udzudzuwu umaswana m'madzi odikha: m'zithaphwi za m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, m'maenje oumbira njerwa, m'madimba ndi m'mikwasa ya matayala a galimoto. Mpanda wa njerwa suuletsa kulowa, ndipo suyang'ana ngati munthu ndi wa ku Area 43 kapena wa pafupi ndi msika wa ku Old Town. Chimene chimasiyana ndi chakuti m'nyumba yaikulu mawindo ali ndi sefa wotchinga udzudzu, pamene nyumba ya kuseri ili ndi mpata pakati pa khoma ndi malata.

Kwa mwanayu, gawo loyamba ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, yopisidwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi usiku uliwonse, ngakhale m'chilimwe. Neti imatchinga, komanso mankhwala ake amapha udzudzu umene wateramo. Koma ili ndi malire. Imagwira ntchito bwino kwa zaka ngati zitatu, ikabooka iyenera kusokedwa, ndipo kuichapa kawirikawiri kapena kuiyanika padzuwa kumachepetsa mphamvu ya mankhwala. Udzudzu wa m'madera ambiri a Malaŵi unayambanso kupirira mankhwala akale, n'chifukwa chake boma linayamba kugawa maneti a mankhwala osakaniza.

Gawo loyambali linayamba mwanayo asanabadwe. Mayi ake ali woyembekezera ankalandira Fansida kusikelo, kuyambira mimba itakwana milungu 13, mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu, ngakhale sankamva kudwala. Palinso katemera. Pa 23 Epulo 2019, Malaŵi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo m'ndondomeko ya katemera wa ana, ndipo mwambo wake unachitikira ku Mitundu m'boma lino la Lilongwe. Mwana amabayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Pa kafukufuku amene anachitika katemerayu asanavomerezedwe, ana obayidwa kanayi anadwala malungo mocheperapo, pafupifupi ndi magawo 4 pa 10. Ichi n'chithandizo chenicheni, koma chikutiuzanso kuti mwana wobayidwa katemera ayenera kugonabe m'neti.

Tsopano tinene kuti usiku wina wa mu Febuluwale neti inali pachingwe, yochapidwa, ndipo mwana anagona pambalambanda. Patapita masiku khumi kapena kuposerapo, Lachinayi madzulo, thupi lake latentha ndipo akukana nsima. Denga ladontha. Talowa m'gawo lachiwiri, ndipo kuno nthawi timawerenga m'maola. Lamulo lake n'lakuti mwana wotentha thupi akayezedwe magazi pasanathe tsiku limodzi. Lachisanu m'mawa mayi abereke mwana, akwere minibasi kupita kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Area 18 kapena ku Bwaila ku Old Town, kumene akuluakulu ankakutcha Bottom. Kumeneko am'baya chala, adonthezera magazi pa kachipangizo koyezera, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 yankho limatuluka. Mizere iwiri ndiye kuti tizilombo ta malungo tapezeka.

Mankhwala ake ndi LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Muyezo wake umatsata kulemera kwa thupi. Mwana wathuyu akulemera makilogalamu 13, choncho amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, maulendo asanu ndi limodzi m'masiku atatu. Loyamba amwa pompo, lachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Munthu wamkulu wopitirira makilogalamu 35 amamwa mapiritsi anayi nthawi iliyonse. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Mwana akasanza pasanathe theka la ola, muyezowo uyenera kubwerezedwa.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimawononga gawo limeneli. Choyamba n'kulekeza mankhwala. Loweruka mwana wayamba kusewera, ndipo mayi asunga mapiritsi otsala kuti adzathandize tsiku lina. Tizilombo totsala m'magazi timachulukanso, ndipo malungo amabwerera. Chizolowezi chotere chimathandizanso tizilombo kuti tizolowere mankhwala. Dziko lino linaona kale zimenezi: kolorokwini, amene makolo athu ankamudalira, anasiya kugwira ntchito mpaka Malaŵi anamusiya mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero. Cholakwa chachiwiri n'kuganiza kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Kachipangizo kakaonetsa mzere umodzi, musapite kusitolo kukagula LA. Funsani kuti mwanayo ayezedwe chifuwa, makutu ndi mkodzo, pakuti chibayo nachonso chimapha.

Nanga mayi akadikira mpaka Lolemba? Apa ndi pamene khoma limayamba kufewa. Zizindikiro zake ziloweze pamtima: mwana akusanza chilichonse, sakutha kumwa kapena kuyamwa, wafooka kotero kuti sakutha kukhala tsonga, zikhatho zayera, akupuma movutika, kapena wagwidwa linjirinjiri ndi kukomoka. Amenewa ndi malungo aakulu. Tizilombo taphwanya magazi, kapena tamatirira m'mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo. Mwana wotere sathandizidwa ndi mapiritsi. Amagonekedwa, monga ku Kamuzu Central, nabayidwa jekeseni ya atesuneti atangofika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24, ndipo ngati magazi achepa kwambiri amamuwonjezera. Madokotala amayesa kuya kwa chikomokere cha mwana ndi muyezo umene unapangidwa kuno kwathu, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor mu 1989, ndipo ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Gawo lachitatu silithera pakhomo la chipatala. Ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu, kusamva bwino, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kapena kuvutika kuphunzira. Mwana wotere ayenera kubwerera kuchipatala pa masiku amene wapatsidwa, kumwa mankhwala a khunyu mosadumphitsa ngati wapatsidwa, ndi kuchita masewera olimbitsa ziwalo. Akayamba sukulu aphunzitsi auzidwe, kuti amukhazike kutsogolo m'malo momuyesa waulesi. Mwana amene anawonjezeredwa magazi amakhalanso pangozi m'miyezi yoyamba atatuluka, choncho kutentha thupi kulikonse m'nyengo imeneyo n'kothamangira nako.

Tiyeni tsopano tiwoloke bwalo, tilowe m'nyumba yaikulu. Matenda a bamboyu alibe udzudzu, ndipo safulumira. Malungo tinawerenga maola, shuga timawerenga zaka.

Chakudya chimene timadya, makamaka nsima, mpunga, buledi ndi zotsekemera, chimasanduka shuga m'magazi. Thupi limapanga insulini, amene ali ngati kiyi wotsegulira shugayo kuti alowe m'minofu n'kukhala mphamvu. Pa mtundu wa shuga umene umagwira akuluakulu ambiri, thupi limasiya kumvera insulini, ndipo m'kupita kwa nthawi limapanga wochepa. Shuga amatsalira m'magazi, nayamba kuwononga mitsempha mwakachetechete. Chimene chimakankhira munthu kumeneko ndi kunenepa, makamaka kwa pamimba, kusagwiritsa ntchito thupi, kukula kwa zaka ndi mtundu wa kubanja.

Taonani tsiku la bamboyu. Amachoka pakhomo pa galimoto, amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masana amadya tchipisi ndi nkhuku yokazinga ku City Centre natsitsira chakumwa chotsekemera, ndipo madzulo amapeza nsima ya ufa woyera mitanda inayi. Akulemera makilogalamu 90, ndipo mayi ake anamwalira ndi shuga. Kafukufuku amene anachitika ku Area 25 muno mu Lilongwe ndi ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016 anapeza kuti m'tauni akuluakulu atatu pa 100 alionse anali ndi shuga, ndipo amayi 44 pa 100 anali onenepa kupitirira muyezo. Tisayese tsono kuti nthendayi ndi ya olemera okha, pakuti kumudzi ku Karonga inapezekanso mwa anthu awiri pa 100.

Gawo loyamba kwa bamboyu lili ndi miyezo yodziwika. Kafukufuku wamkulu wa ku Finland ndi wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001 ndi 2002, anatsata anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi kuyenda tsiku ndi tsiku anadwala shuga mochepera ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi anzawo. Ku America cholinga chinali kutaya magawo 7 pa 100 a kulemera kwa thupi ndi kuyenda mwandawala mphindi 150 pa mlungu. Kwa bambo wa makilogalamu 90, zimenezi zikutanthauza kutaya makilogalamu pafupifupi 6 okha, ndi kuyenda theka la ola masiku asanu pa mlungu. Akhoza kuyenda nthawi ya nkhomaliro, kusiya zakumwa zotsekemera, kusintha ufa woyera ndi mgaiwa, kuchepetsa mitanda, ndi kudzaza theka la mbale ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani kapena chisoso. Dziwani kuti mgaiwa nawonso umakweza shuga ukachuluka: kuchuluka kwa nsima n'kofunika monga mtundu wa ufa.

Gawo loyambali lili ndi malire ake. Pali mtundu wina wa shuga umene umagwira makamaka ana ndi achinyamata, pamene thupi limalekeratu kupanga insulini. Umenewo suyamba chifukwa cha kudya kapena ulesi, ndipo mpaka lero palibe njira yotsimikizika youletsera. Makolo a mwana wotere asadziimbe mlandu. Kwa iye kupewa kumayambira pa gawo lachiwiri, ndipo jekeseni ya insulini ndiyo moyo wake.

Gawo lachiwiri la shuga ndi lovuta kuposa la malungo. Malungo amagogoda pachitseko ndi kutentha thupi. Shuga amalowa osaodira, ndipo munthu akhoza kukhala naye zaka zingapo osamva kanthu. M'kafukufuku wa ku Area 25 ndi Karonga uja, pafupifupi anthu anayi pa khumi alionse opezeka ndi shuga sankadziwa kuti ali naye. Zizindikiro zikamadzaoneka, monga ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda kosadziwika chifukwa, kutopa, kuona mwachimbuuzi ndi zilonda zosapola, nthawi zambiri shuga amakhala atakwera kale. N'chifukwa chake munthu wopitirira zaka 40, wonenepa, wa kuthamanga kwa magazi, kapena amene kubanja kwawo kuli shuga, ayenera kukayezetsa asanamve kuwawa paliponse.

Kuyeza kwake n'kwa dontho limodzi la magazi, m'mawa munthu asanadye, atakhala maola 8 osalawa chakudya. Kachipangizo kamaonetsa nambala. Pa muyezo wolembedwa mmol/L, nambala yochepera 6.1 ili bwino, kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo, ndipo 7.0 kapena kuposerapo ndi shuga, zikatsimikizika poyezanso tsiku lina. Zipangizo zina zimalemba mg/dL, ndipo pamenepo malire a matenda ndi 126. Tinene kuti bambo athu anayezetsa napeza 6.5. Pamenepo anali adakali ndi mwayi wa gawo loyamba, koma anati ndilibe nthawi. Patapita zaka zitatu anapeza 8.4, ndipo poyezanso 8.1. Tsopano ali ndi shuga. Dokotala amawayamba ndi mapiritsi a metifomini, omwedwa pamodzi ndi chakudya, kuwonjezera pa kusintha kadyedwe ndi kuyenda kuja. Amawayezanso kuthamanga kwa magazi, chifukwa matenda awiriwa amayendera limodzi ndipo onse amawononga mtima ndi impso.

Apa pali kusiyana kumene kwasocheretsa anthu ambiri. LA amatha m'masiku atatu ndipo malungo amachoka. Mankhwala a shuga sachotsa nthenda, amangoigwira. Nambala ikatsika, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti yakwana nthawi yowasiya. Ndipo amene akumwa gilibenikalamaidi kapena kubaya insulini asadumphe chakudya, pakuti shuga akhoza kutsika mopitirira. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu, amwe msanga madzi osungunuliramo masipuni atatu aang'ono a shuga, kenaka adye.

Gawo lachitatu la shuga limayang'ana malo atatu: maso, impso ndi mapazi. Maso ayenera kuyezedwa kamodzi pachaka ngakhale munthu akuona bwino, chifukwa mitsempha ya kuseri kwa diso imawonongeka maso asanayambe kuchita mdima. Muno mu Lilongwe chipatala cha maso cha Lions chili pa Kamuzu Central pomwepo. Impso zimayezedwa kudzera mu mkodzo ndi magazi, kuti munthu asafike podalira makina osefa magazi.

Koma za mapazi ndizo zili m'manja mwa wodwala mwini. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi, kotero kuti munthu amaponda msomali kapena minga osamva. Kabala kakang'ono kamatukusira, magazi safikako okwanira, ndipo mapeto ake mwendo umadulidwa. Njira yopewera ndi yosalira ndalama. Madzulo aliwonse sambani mapazi, pukutani pakati pa zala, ndipo yang'anani kuphazi ndi galasi kapena pemphani wina akuyang'anireni. Musayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba. Gwedezani nsapato musanavale, mwina muli kamwala. M'nyengo yozizira ya Juni musawothe mbaula ndi mapazi, pakuti mukhoza kupsa osadziwa. Mukaona thuza, mng'alu kapena khungu losintha mtundu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Ndipo ngakhale mwendo utadulidwa, kupewa sikunathe: pali mwendo wochita kupanga, pali kuphunziranso kuyenda, ndipo pali mwendo winawo woti utetezedwe.

Omvera, onani tsopano mmene magawowa amalukanirana mumpanda umodzi uja. Mwana akachizidwa msanga, mwayi woti udzudzu umulume n'kutengera tizilombo ku nyumba yaikulu umachepa. Gawo lachiwiri la mwana lasanduka gawo loyamba la bwana. Bamboyo akadzipereka kuika sefa pa mawindo a nyumba ya kuseri ndi kutseka mpata wa pansi pa malata, wadziteteza yekha. Ndipo tsiku limene iye wapezeka ndi shuga ndi tsiku limene ana ake ndi abale ake adziwa kuti nthendayi ili m'banja mwawo, ndipo mphika wa nyumba yonse uyenera kusintha. Kuyenda theka la ola kumene kukanamuteteza asanadwale ndi komweko kumene tsopano kukuteteza maso ndi mapazi ake. Ntchito ndi yomweyo, yangosintha gawo.

Onaninso mtengo wake. Neti imaperekedwa ulere kusikelo, pamene malungo aakulu amafuna bedi, jekeseni, magazi ndi mayi wosiya ntchito zake masiku ambiri. Dontho la magazi pa chala ndi la mphindi zochepa, pamene mwendo wodulidwa sumeranso. Gawo lililonse tikalidumpha, lotsatira limalira zambiri ndipo limabweza zochepa.

Choncho usiku uno, musanazime wayilesi, yang'anani anthu a m'nyumba mwanu mmodzimmodzi, ndipo mudzifunse kuti aliyense waima pa gawo liti. Amene ali bwino, neti yake ili yopisidwa? Amene watentha thupi lero, mawa m'mawa apita kukayezedwa? Amene wapitirira zaka 40, nambala ya shuga wake akuidziwa? Amene akumwa kale mankhwala, mapazi ake awonedwa lero?